Tiwalipirire YouTube Premium amayi kapena ayi?

Achemwali aakulu: Abale ndithandizeni maganizo. Dzulo ndakhala ndi amayi ola lathunthu kuwaphunzitsa kuyimbitsa nyimbo zawo za m'buku pafoni, akumatha ndithu koma ikangobwera adiveti akumadina pomwepo nkupezeka ali kwina, basi amvekere "mwanawe foni yawonongeka". Ndiye akathimitsa sikirini kuti aike foni m'thumba nyimbo imasiya. Tisonkhe tiwalipirire Premium?

Achimwene: Zoti nyimbo ikusiya si netiweki imeneyo? Tingowagulira bandulo yaikulu

Chitsirizira: Ayi achimwene si netiweki, YouTube yaulere ndi momwe ilili, sikirini ikathima nayo imasiya. Premium imathetsa zimenezo, maadiveti amachoka komanso mumatha kudaunilodiratu. Koma achemwali munawaphunzitsa bwanji? Ngati mukuwauza kuti azilemba dzina la nyimbo posaka ndiye pavuta pomwepo, amayi nyimbo amazidziwa ndi nambala komanso mawu oyambira, osati mitu yomwe anthu amalemba pamavidiyo

Achemwali aakulu: Ndimawauza azisaka okha eee

Chitsirizira: Musakireni inuyo. Sankhani khumi zomwe amakonda, iliyonse mudine Download muli pa waifai. Iwo muwasiyire zinthu zitatu basi, adine kachizindikiro kofiira ka YouTube kaja, kenako You pansi kumanja, kenako Downloads. Ndipo foni ikhale m'manja mwawo, inu manja kumbuyo, muzingonena kuti "amayi dinani pamene pali ka nkhope apo" mudikire apapeze okha olo zitenge nthawi. Abwereze katatu, mawa lake muwafunsenso. Mukamawalanda foni nkuwadinira sadzadziwa

Alamu: Ine sindikuona chifukwa cholipira mwezi ndi mwezi nyimbo khumi zomwezomwezo. Bambo anga ndinawaikira ma mp3 omwe kwaya yawo inajambula, pa apu yoyimbitsira nyimbo ya VLC, yaulere, yopanda adiveti, imayimba sikirini ili yothima ndipo siifuna bandulo. Mafailo ndinawasintha mayina kuyamba ndi nambala ya m'buku, akaona nambala akudziwa kale kuti ndi iti

Achimwene: Koma zodaunilodazo zimakhala zawo mpaka kale eti, tilipire mwezi umodzi tidaunilode zonse tisiye

Chitsirizira: Sizitero, mukasiya kulipira zimatsekeka. Olo mukulipira foni imafunika ilowe pa intaneti mwina kamodzi pamwezi apo ayi sizitseguka, ndiye wina azikumbukira zimenezo

Achemwali aakulu: Alamu nzeru yanu ndaimva, vuto ndi loti pali kwaya ina amaikonda kwambiri ndipo ndimangoipeza pa YouTube, amakonda kuwaona akuyimba, dzulo mpaka anayimba nawo maso ali tsinzi. Ma mp3 ake ndiwapeza kuti?

Alamu: Afunseni akwayawo ngati amagulitsa, ambiri amatero

Achemwali aakulu: Ndiyesa kuwalembera. Loweruka ndikupitanso, ndikayamba ndi zitatu zija za Downloads ndione ngati agwire, tilipire mwezi umodzi kaye. Achimwene mwezi woyambawu ndi inu?