Thandizo pa liwu la "indemnify" mu pangano la lendi

Womasulira wa ku Yeoville, ku Johannesburg: Akuluakulu, ndili ndi pangano la lendi limene ndiyenera kumasulirira mayi wina wakwathu mawa m'mawa, koma ndime yonena kuti wochita lendi "indemnifies the landlord" yandiimitsa mutu. Dikishonale yaikulu ikungonditumiza ku "liability" ndi "compensate", ndipo ndikatsegula kumeneko ndikupeza mawu ena olimba kuposa oyambawo. Kodi inu mumatani zikafika apa?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Mayfair, ku Johannesburg komweko: Achimwene, dikishonale yaikuluyo inalembedwera eni chiyankhulo, choncho tsegulani ya ophunzira. Ya Longman, kuyambira pamene inatuluka mu 1978, imafotokoza matanthauzo ndi mawu wamba pafupifupi 2,000 okha, ndipo ikakakamizika kugwiritsa ntchito liwu la kunja kwa mndandandawo imalilemba mooneka mosiyana kuti mudziwe loyenera kulifufuzanso. Pa liwu lanulo mupeza ganizo losavuta, lakuti munthu akulonjeza kulipira mnzake ngati mnzakeyo waonongekeredwa kapena waluza kanthu. Koma musaime pa tanthauzo lokha, werenganinso ziganizo zachitsanzo, chifukwa ndi zimene zimaonetsa wolipira ndi wotetezedwa. Dzina lobwera pambuyo pa mneniyo ndilo la wotetezedwa, ndiye kuti pano wolipira ndi mayiwo.

Womasulira wa kukhoti: Ine sindiona chifukwa chozungulira chonchi pamene dikishonale ya Chingerezi ndi Chichewa ilipo. Liwulo ndi kulipira chipukutamisozi basi.

Mphunzitsi: Bambo, chipukutamisozi chimaperekedwa vuto litachitika kale, pamene apa mayiwo akusainira lonjezo pa vuto limene lisanachitike.

Womasulira wa kuchipatala: Chenjezo langa ndi lakuti mawu wamba amapusitsa, chifukwa mndandanda umawerenga mawu, koma liwu limodzi limakhala ndi matanthauzo angapo. Mnyamata wina amene tinkagwira naye ntchito anapeza "charge" m'kati mwa tanthauzo, n'kuuza wodwala kuti akuimbidwa mlandu pamene nkhani inali ya ndalama zolipira. Mayi wodwalayo anayamba kusonkhanitsa zikwama zake kuti athawe.

Womasulira wa kukhoti: N'chifukwa chake ndikunena kuti pitani molunjika ku Chichewa. Kufotokoza Chingerezi ndi Chingerezi chinzake n'kuchulutsa ntchito.

Mphunzitsi: Komanso yang'anani ngati ndimeyo ikupitiriza ndi "hold harmless". Mawu awiriwo aliyense payekha ndi osavuta, koma akaphatikizana ndi chiyankhulo cha maloya, ndipo dikishonale ya ophunzira singakuuzeni malire a udindo umene mayiwo akusenza pansi pa malamulo a dziko lino. Auzeni tanthauzo lapafupilo, kenako awonane ndi wodziwa malamulo asanasaine.

Womasulira wa kuchipatala: Kodi mawu wamba 3,000 amene dikishonale ya ophunzira ya Oxford imafotokozera matanthauzo amagwira ntchito mofanana ndi a Longman? Ndili ndi buku lakale la malume anga limene masamba ake akumapeto anathothoka.

Womasulira wa kukhoti: Kaya 2,000 kaya 3,000, mayiwo akafunsa m'Chichewa ndipo mudzawayankha m'Chichewa.