Achimwene ananena okha kuti akufuna kusiya mowa, koma tawasandutsa mkaidi. Tikonze bwanji?

Wobisa dzina:
Moni nonse. Ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha.

Achimwene anga ali ndi zaka 41 ndipo akhala akumwa tsiku lililonse kwa zaka zoposa khumi. Sabata yatha anandiimbira usiku ali bwinobwino, osaledzera, n'kunena kuti, "Mlongo wanga, ndatopa, ndikufuna ndisiye." Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa pawo popanda wowakakamiza. Chifukwa cha chimwemwe ndinauza amayi m'mawa mwake, ndipo pofika madzulo banja lonse linali litamva. Alamu, akazi awo, anawalanda khadi la ku banki. Amayi amaimba katatu pa tsiku kufunsa kumene ali. Amalume akufuna tikumane tonse kuti achimwene alonjeze pamaso pa gulu.

Anasiya Lolemba. Lachiwiri m'mawa ndinawapeza atakhala pakhonde, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera moti kapu ya madzi anaigwira ndi manja awiri koma madzi ankatayikabe. Anasanza, ndipo usiku sanagone. Lachitatu anamwa. Alamu anawanunkhiza pakamwa ana akuona, ndipo kuyambira pamenepo achimwene sakuyankha foni yanga.

Tiwathandize bwanji osawachititsa manyazi? Nanga khadi lija libwezedwe?

Namwino wa zaka zambiri:
Achemwali, tiyambe ndi za Lachiwirizo, chifukwa n'zimene zandidetsa nkhawa. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, thupi lake limazolowera kugwira ntchito mowa uli m'magazi. Akaudula mwadzidzidzi, ubongo umakhala ngati galimoto yoduka mabuleki. Kunjenjemera, thukuta, nseru ndi kusowa tulo zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza. Ena amagwa n'kumaphupha ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Choopsa kwambiri chimakonda kubwera tsiku lachitatu kapena lachinayi: munthu amasokonezeka mutu, amaona zinthu zimene palibe, thupi limatentha, mtima umathamanga. Chimenecho chimapha ngati sathandizidwa.

Choncho kumwa kwa Lachitatu musakuwerenge ngati kuswa lonjezo. N'kutheka kuti ankangofuna kuti manja aleke kunjenjemera. Asanayesenso, akaonane ndi dokotala ndipo akanene zoona: amamwa wochuluka bwanji, amayamba nthawi yanji, anayamba wakomokapo kapena ayi. Achipatala amapereka mankhwala monga diazepamu kwa masiku ochepa, akuchepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Musawagulire nokha, chifukwa kuwasakaniza ndi mowa kumatha kuimitsa kupuma. Mpaka atapita kuchipatala, musawatayire mowa wonse kapena kuwatsekera m'nyumba. Akaphupha kapena kuyamba kulankhula zosokonekera, thamangani nawo nthawi yomweyo.

Bambo wa atatu:
Zachipatalazo ndagwirizana nazo, koma khadi lisabwerere. Chidakwa ukachipatsa ndalama wachipatsa botolo. Kunyengerera n'kumene kwawafikitsa apa. Alamu anuwo akuteteza ana.

Zaka zisanu ndi chimodzi osalawa:
Bambo wa atatu, pa ana mukunena zoona, koma ndiloleni ndinene mmene zimamvekera kwa mwini wake. Ine anandilandapo khadi. Sindinasiye kumwa, ndinangophunzira kukongola ndi kunama bwino. Ndinkabisa kabotolo m'thanki ya chimbudzi. Patapita chaka ndinapereka ndekha khadi lomwelo kwa mkazi wanga, titagwirizana kuti alisunga miyezi itatu, azindipatsa ya mayendedwe, kenako tidzakambiranenso. Khadi lake lomwelo, munthu wake yemweyo, koma ulendo wachiwiriwu zinayenda chifukwa ndinapempha ndine.

Achemwali, musayambe ndi kufunsa za mowa. Alembereni uthenga waufupi wopepesa kuti munaulula zimene anakuuzani muli awiri. Kenako muwafunse kuti, "Mukufuna ndizikuthandizani bwanji, nanga ndi ziti zimene ndisamachite?" Ine ndikanafunsidwa choncho ndikanayankha kuti nthawi yanga yovuta ndi poweruka kuntchito, kuyambira cha m'ma 5 mpaka mdima. Mng'ono wanga anayamba kumabwera nthawi imeneyoyo kuti tiziyenda wapansi. Sankatchula mowa ngakhale kamodzi. Chinandithandiza kuposa malangizo onse.

Zokumana banja lonse zija zilekeni. Munthu amatha kulonjeza chilichonse pagulu kuti amusiye, ndipo akadzagwa amabisala, chifukwa tsopano wanamiza anthu khumi.

Mayi Wachifundo:
Ine ndinamva kuti kuli mapiritsi othira m'chakudya mobisa, akamwa mowa amasanza mpaka kuuda. Funsani kufamase.

Namwino wa zaka zambiri:
Chonde ayi, mayi. Mukunena disulfiram, ndipo saperekedwa munthu asakudziwa. Akamwa mowa ali ndi mankhwalawo m'thupi, kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika kwambiri ndipo mtima umavutika. Anthu ena afapo. Alipo mankhwala ena ochepetsa chibaba monga naltrexone, koma onsewa amalemba ndi dokotala, mwini wake atavomera.

Mlamu wa wina:
Mukuiwala alamuwo. Ine ndakhala pa mpando umenewo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo kununkhiza pakamwa ndinachitapo. Si nkhanza, ndi mantha. Chinandimasula n'kusiyanitsa zimene ndingalamule ndi zimene sindingathe. Pakamwa pa mwamuna wanga sindingapalondere. Koma ndingathe kunena kuti ndalama ya lendi ndi fizi ichoke tsiku lolandira, ndipo ana sakwera galimoto ngati wamwa. Ndinasiyanso kumuimbira kuntchito n'kumanama kuti wadwala. Zonsezi ndinamuuza m'mawa ali bwinobwino, osati usiku ataledzera, chifukwa za usiku sazikumbuka n'komwe. Akabwera osamwa ndimakhala naye n'kucheza. Akabwera atamwa sindikalipa, ndimangokagona.

Ngati kumene mukukhala kuli gulu la Al-Anon, lomwe ndi la achibale a anthu akumwa, alamu anu akayese. Ena amakumana pa intaneti. Ndipo ngati pali kumenyana m'nyumbamo, nkhani yasintha, chitetezo chawo ndi cha ana chiyambe.

Bambo wa atatu:
Nanga akabwezeredwa khadi n'kumwera yonse tsiku limodzi, ana adya chiyani? Ine sindinakhutire.

Zaka zisanu ndi chimodzi osalawa:
Zingachitikedi. N'chifukwa chake njira ya Mlamu wa wina ndi yabwino: za nyumba zichoke kaye, yotsala ikhale m'manja mwake. Ineyo ndinagwa kanayi ndisanaime. Funso limene linkandibweza si lakuti "mwamwanso?" koma lakuti "chinachitika n'chiyani dzulo musanamwe?" Kawiri mwa maulendo anayiwo yankho linali tsiku lolandira malipiro.

Wobisa dzina:
Zikomo nonse. Ndinatumiza uthenga wopepesa uja. Ayankha patapita maola anayi kuti, "Ndamva. Kuchipatalako tipite awiri, koma amayi asadziwe kaye." Tipita Lachisanu m'mawa. Amalume ndawapempha kuti adikire, sanakondwe koma avomera. Za khadi alamu akukanabe, ndipo ndikamva zimene adutsamo sindingawaweruze. Kodi ndiwauze zoti tikupita kuchipatala, pamene achimwene anangotchula amayi okha?

Mlamu wa wina:
Afunseni eni ake kaye. Mukaulula kachiwiri, sadzakuimbiraninso usiku.