Ndigule puloti kapena ndiyambe ndasunga za zipangizo?

Wofunsa: Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimachita lendi ku Area 25 ndipo ndasunga K4.5 miliyoni, ina yochokera ku banki m'khonde. Kwapezeka puloti ku Njewa, mamita 15 kwa 30, akuti K4 miliyoni. Ndikagula nditsala manja lende, kumanga mwina patatha zaka ziwiri. Achimwene anga akuti ndiyambe ndagula simenti ndi malata poti zikukwera mwezi ndi mwezi, malo ndidzapeza. Chanzeru n'chiti?

Mmisiri wa ku Chinsapo: Simenti yokha ayi, chemwali. Ikakhala miyezi itatu imayamba kutha mphamvu, ndipo ikagona pansi nthawi ya dzinja imakoka chinyezi. Mukatsegula thumba n'kupeza zibuma zosafumbutuka ndi zala, ndalama yapita. Malata amasungika, koma mugula otalika bwanji pulani mulibe? Kutalika kwa lata kumatengera denga, denga limatengera nyumba, nyumbayo imatengera malo. Ndinafolerapo nyumba ya munthu amene anagula malata a mafiti 10 chikhalirecho denga likufuna a 12. Tinachita kulumikiza, ndipo mpaka lero imadontha polumikizirapo.

Mayi wa ku Zomba: Komatu achimwene anuwo sakunama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene ndinkasungira denga lonse inangokwana theka. Chilichonse mugule, bola musaigoneke ku akaunti.

Wa ku Joni: Gulani malo basi. Mfumu ikadinda kalata ndiye kuti mwatenga umwini, palibe angakusuntheni.

Bambo wina: A ku Joni, kalata ya mfumu si lizi ya ku Unduna wa za Malo. Ine kalatayo ndinali nayo, yachidindo. Ndinasiya malo zaka zitatu osapondako, pobwera ndinapeza wina wathira maziko, nayenso ali ndi kalata yake. Anatigulitsa ndi anthu awiri a banja limodzi, malume ndi muphwa wake. Nkhani ikadali kukhoti. Chemwali, musanapereke ndalama funsani oyandikana nawo kuti malowo ndi a ndani, abale a wogulitsayo asayine nawo, ndipo K500,000 yotsalayo ipite kwa oyeza malo, aike mabikoni.

Mnyamata wina: Ine ndimaumba mabuloko, ofuna andipeze ku inibokosi.

Mmisiri wa ku Chinsapo: Ndinaiwala china. Malowo munawaona liti? Puloti ya m'chilimwe imanamiza. Mukaona dothi lakuda long'ambikang'ambika, ndi dambo limenelo, ndipo maziko ake okha adzadya ndalama ya malata.

Wofunsa: Ndinapitako mu Seputembala, kunali gwa. Dothi sindinaliyang'anitsitse. Koma wogulitsayo akuti ndikapanda kulipira pofika Lachisanu apatsa wina.

Bambo wina: Nanenso anandiuza Lachisanu.

Mayi wa ku Zomba: Nanga akadikira mvula mtengo n'kukwera, mudzamuwonjezera ndinu?