Ndilembe bwanji za kubweza foni ndi waranti pa malonda anga?

Wamafoni ku Kawale

Akuluakulu pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndimagulitsa mafoni ogwirapo kale ntchito, makamaka ma iPhone 11, ndipo ogula ambiri ali kutali, ndimawatumizira pa basi ku Mzuzu, Karonga ndi Mangochi. Pansi pa chithunzi ndimangolemba kuti "yabwinobwino, waranti sabata imodzi". Mawu omwewa ndi amene akubala mikangano. Wina akuti batire likutha msanga, wina waigwetsa galasi n'kusweka koma akuti waranti, wina wangosintha maganizo akufuna ndalama zake. Ndilembe chiyani kwenikweni kuti munthu adziwiretu asanatumize ndalama? Tiyerekeze ndi iPhone 11 ya K450,000.

Mnyamata wa pa Chigwirizano

Achimwene musavutike. Lembani "katundu akagulidwa sabwezedwa" basi. Wogula ayese asanalipire, akachoka nayo ndi yake.

Mayi a Mphatso

Zoyesa asanalipire nzoona kwa wogula amene wabwera pamaso. Wa ku Karonga ayesa bwanji foni ili ku Lilongwe? Komanso mawu amenewo angakupalamulitseni. Bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lakhala likuchenjeza amalonda kuti sangazembe udindo pa katundu amene ali ndi vuto pongolemba kuti sabwezedwa. Chimene mungakane ndi kubweza chifukwa munthu wasiya kuikonda foni yomwe ilibe vuto lililonse. Zinthu ziwirizi musaziphatikize.

Bambo a Tadala

Achimwene a ku Kawale, vuto lanu layambira pa liwu loti "yabwinobwino", lisanafike n'komwe pa waranti. Kwa inu likutanthauza kuti ikuyaka ndipo ikuimba. Kwa wogula likutanthauza kuti ili ngati ya m'bokosi. Choncho chilichonse chimene chingayezedwe, lembani nambala yake. Batire la iPhone limaoneka pa `Settings > Battery > Battery Health`, pamene palembedwa `Maximum Capacity`. Ngati pakuonetsa 84%, lembani 84% ndipo ikani chithunzi chake pamodzi ndi zithunzi za foniyo. Munthu amene wagula akudziwa kuti ndi 84% sangabwere mawa kudzadandaula kuti silichedwa kutha ngati latsopano. Likatsika pansi pa 80%, nenani poyera kuti latsala pang'ono kufuna kusinthidwa, ndipo mtengo utsike.

Mukatero, gawani nkhani yobweza patatu, chifukwa milandu itatu mwatchulayo ndi yosiyana. Pali foni yofika ili kale ndi vuto kapena yosiyana ndi zimene munalemba. Pali foni yofika bwino koma n'kuyamba kuvuta yokha m'masiku a waranti. Ndiye pali wogula wosintha maganizo. Pa foni yanuyo ndikanalemba motere:

"iPhone 11, K450,000. Ndi yogwirapo kale ntchito. Batire 84%. Sikirini ndi yake yomwe, sinasinthidwepo. Ili ndi kokalika kakang'ono pakona ya kumanzere, onani chithunzi chachitatu. Face ID ikugwira. Mulandira foni ndi chingwe chochajira basi.

Ikafika isakuyaka, kapena ili yosiyana ndi zimene zalembedwa apa, tiuzeni pasanathe maola 48 chifikireni. Musankha nokha, foni ina yofanana nayo kapena ndalama zanu zonse. Yotumizira kubwerera tilipira ife.

Waranti ndi masiku 7 kuyambira tsiku limene foni yafika pa depoti ya kwanu. Ikukhudza foni yozima yokha, yokana kuchaja, yotaya netiweki, sikirini yosiya kumva chala, kamera, sipika ndi maikolofoni. Tikonza mwaulere, ndipo tikalephera pasanathe masiku 5 tisintha kapena tibweza ndalama.

Waranti sikhudza foni yogwa, yosweka galasi, yolowa madzi kapena yotsegulidwa ndi mmisiri wina.

Mukangosintha maganizo foni ilibe vuto, tiilandira pasanathe masiku 3 ili monga tinakupatsirani. Tichotsa K25,000 ndipo yotumizira mulipira nokha."

Manambalawo sinthani malinga ndi mphamvu zanu, K25,000 ndi chitsanzo chabe. Chimene musasinthe ndi kutchula ziwalo chimodzichimodzi. Liwu loti "waranti" likakhala lokha, wogula amalowetsamo chilichonse chimene chamugwera. Ndipo mawuwa akhale pa malonda pomwepo, pansi pa mtengo. Mukawatumiza ndalama zitalowa kale, wogula ali ndi chifukwa chomveka chonenera kuti sanagwirizane nawo.

NaBanda wa ku Zolozolo

Bambo a Tadala, pa "tsiku limene yafika pa depoti" ndikutsutsani pang'ono. Ogula ena amakhala kutali ndi depoti, monga wa ku Ekwendeni kapena ku Rumphi amene katundu wake watsikira ku Mzuzu. Akaitenga patapita masiku awiri, maola 48 aja atha foni asanaione n'komwe. Bwanji osawerenga kuyambira tsiku limene wailandira m'manja?

Bambo a Tadala

Mayi, mfundo yanu ndi yomveka, koma tsiku lolandira m'manja lilibe mboni, wogula yekha ndiye amalidziwa. Tsiku lofika pa depoti limaoneka pa uthenga kapena pa foni imene a basi amaimba. Njira ya pakati ndi kulemba kuti masiku ayamba pamene wasainira katundu, koma asapitirire masiku awiri katunduyo atafika. Wochedwa kuposa apo, masiku ake ayamba kuwerengedwa ngakhale foni ikadali pa depoti.

Mmisiri wa ku Limbe

Zonsezi n'zabwino, koma mawu oti "yolowa madzi" ndi "yotsegulidwa" ngopanda ntchito ngati mulibe umboni wa mmene foniyo inalili ikuchoka m'manja mwanu. Wogula anganene kuti madziwo analowa kale kwa mwini wake woyamba, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona.

Musanaikulunge, jambulani kanema mmodzi wosadukiza, mphindi ziwiri zakwana. Yambani ndi kuimba `*#06#` kuti IMEI, nambala yapadera ya foni iliyonse, ioneke pa sikirini, ndipo nambala yomweyo muilembe pa lisiti. Kenako tulutsani kathileyi ka simukhadi n'kuwalitsa tochi m'kabowoko. Muli kachizindikiro koyera kamene kamafiira kakakhudzidwa ndi madzi. Kakaoneka koyera pa kanema koma foni n'kubwerera kali kofiira, mlandu watha. Kakakhala kofiira kale, musabise, lembani pa malonda kuti inakhudzidwapo ndi madzi, kapena muigulitse ngati ya zipangizo. Tsegulaninso `Settings > General > About`. Pa iPhone 11 imene ili ndi iOS 15.2 kapena kuposera apo, batire kapena sikirini ikakhala yosinthidwa pamatuluka `Parts and Service History`, ndipo chiwalo chimene foni sikuchizindikira chimalembedwa `Unknown Part`. Malizani ndi makona anayi, galasi la kumbuyo, kuimba foni imodzi ndi kulowetsa chaja. Kanemayo mutumizireni wogula asanalipire, iye ayankhe kuti wagwirizana nazo.

IMEI ikutetezani kwa munthu wobweza foni ina yofanana mtundu. Koma siona za m'kati. Munthu angathe kuchotsa sikirini yabwino n'kuikamo yotchipa, IMEI n'kukhala yomweyo. N'chifukwa chake ena amamata kasitika kong'ambika pa timasikuluwu tiwiri ta pafupi ndi pochajira. Mukakamata, kaonekenso pa kanema ndipo mukatchule pa malonda, apo ayi wogula akachotsa poganiza kuti ndi litsiro.

NaBanda wa ku Zolozolo

Kasitika ako sindikakhulupirira kwenikweni. Pamalo pamenepo m'pamene chingwe chimakhudza tsiku ndi tsiku, ndipo thukuta la m'thumba limakamatula kokha. Kukana waranti chifukwa cha kasitika kokha ndi kulanga munthu wosalakwa.

Mmisiri wa ku Limbe

Nzoona mayi, kokha sikakwana. Kakachoka, muyang'ane mitu ya timasikuluwu ngati yakalika, ndiponso ngati `About` ikuonetsa zosiyana ndi za pa kanema. Zizindikiro ziwiri zikagwirizana ndiye mungakane.

Agogo a Yankho

Pepani ndilowerere. Mdzukulu wanga anandigulira iPhone chaka chatha, tsopano yasiya kuchaja. Waranti ya kampani yopanga mafoniwa ndingakaitsate kuti?

Mayi a Mphatso

Agogo, pano tikukamba waranti ya wogulitsa. Ya Apple ndi chaka chimodzi kuchokera pamene foni inagulidwa koyamba ili yatsopano, choncho pa foni yogwirapo kale ntchito nthawi zambiri imakhala itatha. Yambani mwapita nayo kwa mmisiri akatsuke pochajira, kawirikawiri ndi fumbi chabe. Koma funso lanu latikumbutsa kanthu. Achimwene a ku Kawale, lembani kuti "waranti ndi yathu, si ya kampani", chifukwa ambiri amasokoneza chimodzimodzi.

Muwonjezenso mizere iwiri. Woyamba, wobweza foni ayambe wazimitsa `Find My` ndi kutulutsa akaunti yake ya iCloud. Akaiwala, foniyo imafuna pasiwedi yake mukaifufuta, ndipo simungaigulitse kwa wina mpaka iye ataichotsa. Choncho lembani kuti ndalama zituluka akauntiyo ikachoka. Wachiwiri, nenani nthawi ndi njira: ndalama zibwerera pasanathe maola 48 foni itafika ndi kuyezedwa, pa nambala yomweyo ya Airtel Money kapena Mpamba imene inalipira, osati ina. Zimenezi zimatseka mpata woti munthu wachitatu aimbe n'kunena kuti "tumizani kwa ine, ndine mchimwene wake".

Lembaninso kuti mubweza ndalama zimene analipira, osati mtengo wa tsiku lobwezalo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44% mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera m'masiku ochepa. Pa nthawi ngati imeneyo wogulitsa amafuna kubweza ndalama, wogula amafuna foni ina, ndiye zidziwikiretu kuti wosankha ndani.

Wamafoni ku Kawale

Zikomo nonse, ndakopera. Funso limodzi latsala. Masiku 7 ndi okwanira? Amene ndimaodako amandipatsa 7 omwewo, ndipo amayamba kuwerenga tsiku limene ndatenga ine.

Mmisiri wa ku Limbe

Pa sikirini, kamera ndi sipika, 7 akwana, vuto lake limaoneka msanga. Pa bodi, chiwalo chachikulu cha m'kati chimene chimayendetsa foni yonse, ayi. Bodi yokonzedwa poiwotcha ndi mpweya wotentha imatha kugwira bwino masabata awiri kapena atatu kenako n'kuyambanso kuzima kapena kutaya netiweki. Ine ndikanalemba masiku 7 pa zonse, 30 pa bodi yokha.

Bambo a Tadala

Masiku 30 akutanthauza kuti osachepera 23 mwa iwo achimwenewa asenza okha, chifukwa kooda kwatsekeka kale. Bodi imodzi ikafa ingadye phindu la mafoni angapo. Pokhapokha akweze mtengo, kapena foni iliyonse aziisunga ikugwira ntchito masiku angapo asanaiike pa malonda.

Mayi a Mphatso

Ndipo ngakhale mulembe 7, foni ikafa tsiku la 10 chifukwa cha vuto limene linalimo kale, wogula angathebe kukadandaula ku CFTC. Kanema uja ndi lisiti musazifufute sabata ikatha.

Mnyamata wa pa Chigwirizano

Ndiye bola kuikamo mitengo iwiri, K450,000 ya masiku 7 ndi ina yokwererapo ya masiku 30, wogula asankhe yekha. Alipo amene anayesapo zimenezi pano?