Mwana wa sikoselo wagonekedwa kanayi m'miyezi 6, tikuphonya pati?

Namwino wa ku wodi ya ana: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi mnyamata wa zaka 7, wolemera makilogalamu 20, wa sikoselo. M'miyezi 6 yapitayi tamugoneka kanayi, ulendo uliwonse ndi ululu wa m'miyendo ndi msana. Timamuika dilipi, timamupatsa mofini, pakatha masiku atatu amatuluka akuseka, koma mwezi usanathe wabweranso. Mayi ake salumphitsa tsiku la kiliniki, mwanayo foliki asidi akumwa, amagona m'neti. Dzulo mayiwo analira pamaso panga, akuti kaya akulakwitsa chiyani. Ine ndinasowa chowayankha.

Kiliniko ofisa: Asisi, yambani ndi malungo. Kwa ana amenewa malungo ndiwo amautsa ululu kawirikawiri. Ndiye ngati magazi ali otsika muonjezereni mankhwala a ayironi.

Namwino wa ku wodi ya ana: Malungo tinayeza maulendo onse anayi, anapezeka kamodzi kokha. Himogulobini yake imakhala pa 7 kapena 8.

Sisitala wa kiliniki ya sikoselo: Achimwene, za malungo mwanena zoona, koma za ayironi ayi. Magazi a mwanayu satsika chifukwa chosowa ayironi. Maselo ake ofiira amasweka pakangotha masiku 10 mpaka 20, pomwe a munthu wina amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo ayironi wa m'maselo oswekawo amatsala m'thupi momwemo. Ngati anaikidwapo magazi ndiye ali naye wochuluka kale. Osamupatsa pokhapokha kuyeza kutasonyeza kuti akuperewera. Himogulobini ya 7 kapena 8 mwina ndiyo yake ya masiku onse.

Tsono asisi, ndikufunseni. Ululuwu umayamba nthawi yanji, masana kapena mbandakucha? Nanga mwanayu amakodza pogona?

Namwino wa ku wodi ya ana: Ndawafunsa mayi ake pompano. Akuti maulendo atatu ululu unayamba kukucha. Za kukodza anayamba achita manyazi, kenako anavomera kuti ndi usiku uliwonse. Akuti pofuna kuti asiye, amamuletsa kumwa chilichonse kuyambira 4 koloko madzulo. M'mawa amamusambitsa msangamsanga kuti asanunkhe kusukulu, nthawi zambiri madzi osafunditsa.

Sisitala wa kiliniki ya sikoselo: Ndi pamenepo. Makolo sanena okha zimenezi, ndipo ife sitifunsa.

Sikoselo imaononga mkati mwa impso mwana akadali wamng'ono, mwakuti impsozo zimalephera kusunga madzi. Mwana wina akapanda kumwa, mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri. Wa sikoselo amangokodzabe wambiri woyera, kaya wamwa kaya sanamwe. Ndiye taganizani: kuyambira 4 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa ndi maola 14 madzi akungotuluka popanda olowa. Magazi amakhuthala, maselo ofiira amauma n'kupindika ngati chikwakwa, n'kutseka timitsempha ta m'mafupa. Onjezanipo kuti mwanayo wagona pa zofunda zonyowa nthawi imene kumazizira kwambiri, kenako madzi ozizira pathupi. Kuzizira kumafinya mitsempha, magazi n'kumayenda pang'onopang'ono. Mayiwa akuchita zonsezi chifukwa chomukonda mwana, choncho muwafotokozere mosawadzudzula.

Mwana wa makilogalamu 20 amafunika madzi osachepera lita imodzi ndi theka patsiku, ndipo kukatentha kapena akamathamanga aziposa pamenepo. Musangowauza kuti azimwa madzi ambiri, mawu amenewo sathandiza. Apeze botolo la theka la lita, mwana azimaliza atatu: limodzi kusukulu, lina masana, lachitatu madzulo mpaka pogona. Akodze asanagone, pansi pa nsalu ayale pulasitiki, ndipo zovala zouma zikhale pafupi kuti akanyowa asinthidwe nthawi yomweyo. Kusamba, madzi ofunda okhaokha, n'kumupukuta msanga. Lembaninso kalata kwa aphunzitsi kuti azimulola kumwa ndi kupita kuchimbudzi nthawi ina iliyonse, chifukwa ana ambiri amadzimana madzi poopa kupempha kutuluka m'kalasi.

Wazaumoyo woyendera mabanja: Zandikhudza izi. Mwana wa mchemwali wanga nayenso ndi wa sikoselo. Ululu ukayamba timamupatsa panado n'kumuika nsalu yonyowa yozizira pamene pakupwetekapo, makamaka thupi likatentha. Maulendo ambiri sitipita n'komwe kuchipatala. Ndiye ndimaona ngati mabanja atha kumathana nazo pakhomo.

Sisitala wa kiliniki ya sikoselo: Amayi, nsalu yozizirayo siyani lero lomwe, muziika yofunda. Koma chimene chandiopsa ndi kutentha thupiko. Ululu wokha mutha kuyamba kuuthandiza pakhomo, kutentha thupi ayi. Kapamba wa ana amenewa amasiya kugwira ntchito adakali aang'ono, ndipo tizilombo tikalowa m'magazi mwana atha kutisiya m'maola ochepa. Choyezera chikafika 38.5 nyamukani, ngakhale pakati pa usiku, ndipo musamupatse panado kuti muone ngati kutsike. Chimodzimodzi akamapuma movutika kapena kumva kupweteka pachifuwa, akafooka mbali imodzi kapena kulankhula mosamveka, akayera m'manja ndi m'maso mwadzidzidzi, mimba ikatupa kumanzere, kapena chokodzera chikaima mopweteka mpaka maola awiri. Maulendo amenewa sindikufuna kuti achepe. Amene tikuchepetsa ndi a ululu umene ukanapeweka.

Wa ku famase: Pa ululu wopanda zizindikiro zimenezo, vuto limene ndimaona ndi mlingo. Makolo amapatsa mwana wa zaka 7 mlingo umene anauzidwa ali ndi zaka 3, ndiye amati panado sagwira. Kwa makilogalamu 20, panado ndi mamiligalamu 300 maola 6 alionse, bulufeni mamiligalamu 200 maola 8 alionse atadya. Ayambe ululu ukangoyamba, ndipo azipereka potsata nthawi, osadikira kuti mwana alire kaye. Muwalembere m'buku lake ndipo muzisintha akakwera sikelo.

Komanso mwana wogonekedwa kanayi akuyenera kukhala pa haidurokisiyuriya, mankhwala ochepetsa kubwerabwera kwa ululu wa sikoselo. Amayambira pa mamiligalamu 20 pa kilogalamu, ndiye iyeyu ndi 400 patsiku. Ngati muli ndi makapisozi a 500 okha, ena amapereka kamodzi patsiku masiku 6 pa sabata, zomwe zimayandikira mlingo womwewo. Afunika kuyezedwa magazi asanayambe komanso pafupipafupi pambuyo pake, chifukwa mankhwalawa amatha kutsitsa maselo oyera. Auzeni mayi kuti phindu limaoneka pakatha miyezi, kuopa kuti angasiye pa sabata yachitatu.

Kiliniko ofisa: Za ayironi ndamva, zikomo asisi. Koma bulufeni pakhomo ine ndikukayika. Mwanena nokha kuti impso zake n'zofooka, ndiye timupatse bulufeni mwana amene mwina ali kale wouma m'thupi?

Wa ku famase: Nkhawa yanu ndi yomveka. Ine ndimalola masiku osapitirira atatu, ngati mwana akumwa bwino, sakusanza, ndipo mkodzo wake unayezedwa n'kupezeka wopanda vuto. Madokotala ena safuna n'komwe. Apa agamule dokotala amene amamuona.

Namwino wa ku wodi ya ana: Zikomo nonse. Mkodzo tiyeza mawa asanatuluke, ndipo za haidurokisiyuriya ndikazitula kwa adokotala pozungulira m'mawa. Mayi avomera za mabotolo atatu, koma andifunsa ngati azimudzutsa pakati pa usiku kuti akakodze n'kumwako pang'ono, kapena amusiye agone. Asisi, inu mumawauza chiyani?