Mtsutso wa kukhonsolo wamasamba 41, akufuna tsamba limodzi pofika mawa

Nachisale: Anzanga ndithandizeni mutu waima. Msonkhano wa khonsolo yonse unatenga maola atatu pa nkhani imodzi, yokweza tikiti ya mumsika kuchoka pa K200 kufika pa K300 patsiku. Ndamvetsera rekoda, ndataipa zonse, masamba 41. Abwana akufuna tsamba limodzi losonyeza gulu lililonse laima pati. Ndinagawa kanayi: makhansala a chipani chochuluka, a chipani chinacho, aphungu, mafumu. Andibwezera ati ndakondera. Ndakondera pati poti zonse ndi zimene anthuwo anayankhula? Chinanso, makhansala a chipani chimodzi akutsutsana okhaokha, ndiye ndiwaika bwanji m'ndime imodzi?

Wa Maminitsi: Mukudzivutiranji mayi? Maminitsi amalemba chimene chagwirizanidwa, amene anapereka ganizo ndi amene anachirikiza. Basi. Zoti uyu anati chakuti muzisiye mu rekoda.

Nachisale: Si maminitsi bambo, amenewo ndinamaliza kale. Ichi ndi chidule chopita kukomiti ya zachuma, nkhaniyo anaibwezera kumeneko osavota.

Gogo Cholembera: Mwana wanga, tatiikireni ndime imodzi mwa zimene munalembazo tione.

Nachisale: Nayi: "Makhansala ambiri anafotokoza kuti ndalama za mumsika sizikukwanira kuchotsera zinyalala. Koma ena anakakamira kukana, ponena kuti mavenda akuvutika."

Gogo Cholembera: Abwana anuwo sanalakwe. Awa "anafotokoza", awo "anakakamira". Amene amafotokoza ndi munthu wodziwa, amene amakakamira ndi wamakani, ndiye woweruza mwakhala inu. Ngakhale "ponena kuti" wanuyo akumveka ngati simukuwakhulupirira. Onse apatseni "anati". Ikatopetsa "anati", ingotopani nayo. Mawu ngati anaulula, anavomera, anadandaula, anadzudzula, onsewa amanyamula chigamulo. Ndipo "ambiri" ndi angati? Ngati anayankhula ndi asanu, lembani asanu. Amene anakhala chete simukudziwa zimene zinali mumtima mwawo, makamaka poti sipanachitike voti.

Koma vuto lalikulu ndi magawidwe anuwo. Mwagawa anthu potengera mipando yawo, pamene mukufunsidwa maganizo. Tengani pepala, mulembe mitu inayi: wayankhula ndani, akufuna chichitike nchiyani, chifukwa chake, ndiponso ngati waika "pokhapokha". Dutsani masamba onsewo, aliyense mzere wake, tsamba limene wayankhulira mulilembe pambali. Moni, kuthokoza wapampando ndi zonyozana musazitenge. Mukamaliza muona kuti magulu atuluka okha.

Nachisale: Ndayesa msangamsanga. Anayankhula anthu 14. Asanu akuti ikwere tsopano. Anayi akuti ikwere pokhapokha zimbudzi za mumsika zikonzedwe kaye. Atatu akuti isakwere, vuto ndi kutolera, ndalama zikuthera m'njira. Atsala awiri sindikudziwa powaika. Ndipo anayi a "pokhapokha" aja ndinawaika kwa okana poyamba paja.

Gogo Cholembera: Mwaona? Amenewo ndi amene akanakudyani. Munthu wanena kuti ikwere zimbudzi zikakonzedwa, inu nkumulemba kuti wakana, mawa ali pakhomo la ofesi yanu. Mukamuika kwa ovomera, mavenda a m'wodi mwake amuona ngati wawagulitsa. Ndi gulu palokha, ndipo "pokhapokha" wakeyo alembedwe m'chiganizo choyamba, osati kumapeto.

Wa Maminitsi: Nchifukwa chake ndikuti lembani chigamulo chokha. "Nkhaniyi yabwezedwa kukomiti ya zachuma." Ndani angakukwiyireni pamenepo?

Mtolankhani Wapawailesi: Ife kuntchito timangopereka mpata wofanana. Magulu atatu, aliyense mizere isanu, palibe wodandaula. Ine ndinaphunzira movutika chaka china, ndinapatsa mbali ina masekondi 40 ina 15, foni inalira mpaka usiku, wina mpaka anafika pageti.

Gogo Cholembera: Kufanana kwa mizere kumathandiza koma nkosakwanira. Gulu lina likhoza kukhala ndi zifukwa zitatu, lina chimodzi chimene anachibwereza kasanu. Mukafuna mizere ifanane mudzayamba kuwawonjezera mfundo zimene sananene, kapena kudula za anzawo. Chofunika kufanana ndi mafupa a ndime: akufuna chiyani, chifukwa chiyani, anayankha bwanji mfundo ya enawo, anayankhula angati. Ndipo aliyense mumutengere mfundo yake yamphamvu. Kukondera kobisika kwambiri ndi kumene mumatenga mfundo yanzeru ya awa nkuiika pafupi ndi nthabwala ya awo.

Kalaliki Wakuboma: Chenjerani ndi gulu lachitatulo. "Ndalama zikuthera m'njira" ndi mlandu umenewo. Kwathu mnzathu analemba m'lipoti kuti otolera matikiti amaba, poti khansala wina ananenadi choncho m'chipinda. Lipoti linatuluka panja, otolerawo anabwera gulu, khansala uja nkukana kuti iye anangoti "zikuoneka ngati". Mnzathuyo anayenera kulemba kalata yopepesa. Bwererani ku rekoda mumve mawu enieniwo, ndipo ngati anatchula dzina la wotolera aliyense musalikopere m'chidulemo. Rekodayo musafufute.

Nachisale: Ndamveranso. Anati "ndalama zimene zimafika kuno sizigwirizana ndi anthu amene timawaona mumsika." Sanati kuba. Ndine ndinafupikitsa moipa. Nanga awiri otsala aja? Mmodzi ndi gogo chalo, anangoti "mwana wa mnzako ngwako yemwe" nkukhala pansi. Winayo ndi mkulu wa zachuma, anawerenga ziwerengero.

Achimwene a Kumsika: Ine ndinene zoona K300 yachuluka. Mayi wogulitsa tomato wa mulu umodzi apeza bwanji? Mulembe kuti anthu akukana.

Kalaliki Wakuboma: Achimwene, funso si limenelo. Wa zachumayo si gulu, ndi wogwira ntchito, savota. Ziwerengero zake ziikeni pamwamba pazokha, mulembe kuti ndi zimene ofesi ya zachuma inapereka. Mukaziphatikiza m'ndime ya ofuna kukweza, zioneka ngati iwo ali ndi umboni enawo ali ndi mkwiyo chabe.

Gogo Cholembera: Nzoona, koma ngati wina anatsutsa ziwerengerozo, zimenezonso zilembedwe, apo ayi mwaziyeretsa. Za mfumuyo musamasulire mwambi. Ofuna kukweza amva kuti tisamalire msika wa tonse, okana amva kuti tichitire chifundo mavenda. Lembani mawuwo momwe alili pansi pa mutu wakuti ena amene anayankhulapo. Mafumu m'khonsolo savota, koma mukawasiyiratu kunja mwaputa mavu.

Mtolankhani Wapawailesi: Ine mwambi ndikanauchotsa. Tsamba limodzi ndi laling'ono, ndipo sukuthandiza komiti kanthu. Nanga ayambe ndani? Woyamba amaoneka mwini nkhani, womaliza amaoneka wopambana.

Gogo Cholembera: Tsatani momwe maganizowo anayambira kutuluka mumsonkhano, ndipo munene pamwamba kuti mwasanja choncho. Pakati pa ndime musaike "koma" kapena "ngakhale zili choncho". Mutu, ndime, mutu, ndime. Pa mwambipo sitigwirizana, ine ndiusiya momwemo.

Wa Maminitsi: Zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinaitanidwepo kukayankha za chidule, chifukwa sindilemba zidule. Chigamulo basi.

Kalaliki Wakuboma: Bambo, komiti ikakhala pansi iyambira pati ndi mzere umodzi wanuwo? Nachisale, mwaonanso ngati pali amene anasintha maganizo mkati mwa msonkhano? Kwathu zimachitika akabwera kopuma.

Nachisale: Mayo ine. Alipo, patsamba 9 akuti ikwere, patsamba 33 akuti zimbudzi kaye. Ndamuwerenga kawiri, ndiye anthu ndi 13 osati 14. Ndimuike kuti?

Mtolankhani Wapawailesi: Kumene anathera. Oyamba aja atsala anayi.

Kalaliki Wakuboma: Ine ndikanalemba kuti mmodzi anasintha, osamutchula dzina. Koma magetsi athima kuno, foni yatsala pang'ono.