Mwana anatsamwa dzulo, zikadzachitikanso nditani?

Wofunsa (dzina labisidwa): Abale ndithandizeni mtima sunakhazikikebe. Dzulo mwana wanga anatsamwa akudya, apongozi anga omwe anati akhala sabata imodzi koma mpaka lero alipo anangomulanda nkumuzondotsa atagwira miyendo, bambo ake maso ali pa foni, omwewo amati ndimadandaula zilizonse. Chinatuluka koma ndikuopa. Ena akuti umamufinya pamimba, nzoona?

Bambo wa ana asanu: MADZI mayi! Mpatseni madzi chitsike basi, anga onse ndalera choncho.

Namwino wa ana: Madzi ayi bambo, chinthucho chatseka njira ya mpweya osati ya chakudya, madziwo angomutsamwitsanso. Mayi, mwanayo ndi wamkulu bwanji? Ndipo amatsokomola kapena anangoti zii? Ngati akutsokomola mwamphamvu kapena kulira ndiye kuti mpweya ukudutsa, musiyeni atsokomole inu mukumuyang'anira. Choopsa ndi pamene mawu sakutuluka, milomo yayamba kuda.

Mayi wotopa: Vuto apa ndi apongoziwo. Anga anandiphunzitsa kupisa chala mkamwa, mwana anachita kutuluka magazi kukhosi.

Bambo wa ana asanu: Musanyoze akuluakulu inu, chalacho chimathandiza!!

Namwino wa ana: Chala pokhapokha chinthucho mukuchiona bwinobwino, mukamangofufuza mumachikankhira mkati. Ngati sanakwane chaka, mgonekeni chafufumimba pa mkono wanu mutautsamiritsa pa ntchafu, mutu ukhale mmunsi kuposa chifuwa, dzanjalo ligwire chibwano osati khosi. Mmenyeni pakati pa mapewa ndi tsinde la chikhatho kasanu, mwamphamvu ndithu osati kusisita, mukuona ngati chatuluka. Chikakana mtembenuzeni chagada, zala ziwiri pa fupa la pakati pa chifuwa mmunsi pang'ono mwa timawere, dinikizani kasanu, kenako kumsananso. Pamimba pa khanda musafinye, mungavulaze chiwindi.

Mphunzitsi wa masewera: Zofinyazo ine ndinachitapo kwa mnzanga wamkulu. Umaima kumbuyo kwake, chibakera pamwamba pa mchombo pansi pa fupa la chifuwa, dzanja linalo pamwamba pake, nkukoka mwamphamvu mkati chokweza mmwamba. Kumsana sikofunika.

Namwino wa ana: Malo a chibakera mwakhoza aphunzitsi, koma ife timayamba kumuweramitsa nkumumenya kumsana kasanu, kenako pamimba kasanu, mosinthana. Izi ndi za wopitirira chaka ndi akulu. Woyembekezera mumamufinya pachifuwa. Wina aziimbira ambulansi inu mukuchita zimenezi, akakomoka mgonekeni pansi muyambe kudinikiza pachifuwa, ndipo wofinyidwa pamimba akaonedwe kuchipatala ngakhale akuoneka bwino.

Bambo wa ana asanu: Kumenya mwana kumsana ndiye chithandizo?? Ine ayi, mudzathyola nthiti za ana.

Wofunsa: Zikomo nonse. Koma mayi wotopa, apongozi anu munawauza bwanji kuti azipita osayambana ndi amuna anu?

Namwino wa ana: Mayi, msinkhu wa mwana simunatiuzebe. Chaka wakwanitsa kapena ayi?